Kabuku ka mafuta: mmene ndinadziwira kuti ulendo wa $120 ukundidyera $154

Anzanga a geni, lero ndikufuna tikambe za kabuku ka mafuta a galimoto. Ndiyamba ndi kuvomereza kulakwa kwanga, chifukwa ndi kumene kunandiphunzitsa zimene ndikulembazi.

Ena mumandidziwa kuyambira nthawi ija tinkakwera basi za ku Joni, kudzera pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, tikumangirira zikwama zathu ndi tepi. Pano ndimakhala ku Upper Marlboro, m'boma la Prince George's ku Maryland. Geni ndi yomweyo, kungoti yasintha nkhope. Ndili ndi vani imodzi, Ford Transit ya petulo. Ndimatolera migolo ndi makatoni m'makomo mwa anthu amene akutumiza katundu kumudzi, n'kukazisiya ku weyahausi ina kufupi ndi doko la Baltimore, komwe amapakira makontena. Masiku ena ndimayendetsa ndekha, masiku ena amayendetsa muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga.

Mu Marichi 2025 ndinayamba kulemba mafuta chifukwa ndalama sizimaoneka. Vani imayenda sabata yonse, makasitomala akulipira, koma pakutha pa mwezi thumba lili mbee. Patangotha sabata imodzi ndikulemba, ndinawerengetsa n'kupeza kuti pa ulendo wina vani yayenda makilomita atatu okha pa lita imodzi. Mtima unandiwawa. Ndinamuitana mnyamatayo n'kumufunsa ngati akumathira mafuta a khadi yanga m'galimoto za anzake. Anangoti, “Malume, marisiti onse ali m'vanimo, onani nokha.” Masiku atatu sitinadyere pamodzi. Kenako ndinakhala pansi usiku n'kuwerengetsanso, ndipo ndinapeza kuti wakuba palibe. Masamu anga ndi amene anali opotoka. Ndikuonetsani pamene ndinaphonya, kuti inu musadzanamizire munthu ngati ine.

Miyezo iwiri yoyenera kuisunga m'mutu

Ife tinakula ndi makilomita ndi malita. Kuno odomita, kawotchi kaja kowerenga mtunda umene galimoto yayenda, imawerenga mamailosi, ndipo pampu imagulitsa magaloni. Mailosi imodzi ndi makilomita 1.609. Galoni imodzi ya ku America ndi malita 3.785. Chenjerani, pali galoni inanso ya ku Britain imene ndi malita 4.546. Mukasaka pa foni mosasamala n'kutenga imeneyo, masamu anu onse asokonekera ndi gawo limodzi mwa magawo asanu.

M'kabuku lembani zimene maso anu akuona, mamailosi ndi magaloni. Osasintha muli pa pampu pomwepo, mudzalakwitsa. Kusinthira ku makilomita ndi malita muzichita kamodzi, powerengetsa. Ine ndimasinthabe chifukwa mutu wanga umamva msanga munthu akati “makilomita sikisi pa lita” kusiyana ndi mamailosi pa galoni, komanso ndimafuna kufananiza ndi kalole kamene mchimwene wanga amayendetsa ku Lilongwe.

Zolemba nthawi iliyonse mukathira mafuta

Ndi zinthu zisanu zokha: tsiku, nambala ya pa odomita, magaloni, ndalama, ndi yankho la funso limodzi lakuti kodi thanki yadzaza kapena ayi. Chachisanuchi ndi chimene ine ndinalibe poyamba, ndipo ndi chimene chinandiyambanitsa ndi muphwa wanga.

Kudzaza kwake ndi kotere: thirani mpaka pampu idzidule yokha koyamba, basi. Osapitiriza kukanikiza kuti ndalama ikwane nambala yokongola. Mukamaima pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndiye kuti thanki ikumabwerera pa mlingo umodzi, ndipo mafuta amene mwathira lero ndi ofanana ndi amene galimoto yamwa kuchokera pamene munadzaza komaliza. Nzeru yonse ya kabuku ka mafuta yagona pamenepa. Singano ya geji musaikhulupirire. Ya vani yanga imakhala pamwamba nthawi yaitali ngati sikusuntha, kenako n'kutsika mothamanga ikadutsa theka.

Nayi mizere inayi yoyamba ya m'kabuku kanga:

3 Marichi, odomita 84,210, magaloni 18.2, $58.06, yadzaza.
6 Marichi, odomita 84,502, magaloni 19.6, $62.52, yadzaza.
9 Marichi, odomita 84,700, magaloni 6.0, $20.00, sinadzaze.
11 Marichi, odomita 84,815, magaloni 15.4, $48.51, yadzaza.

Mzere woyamba ndi poyambira chabe. Magaloni 18.2 aja analowa m'malo mwa mafuta amene anapsa ndisanayambe kulemba, choncho salowa m'masamu. Chimene timatengapo ndi nambala ya odomita yokha.

Tiyeni tiwerengetse kuyambira pa 3 mpaka pa 6 Marichi. Chotsani 84,210 pa 84,502, mupeza mamailosi 292. Chulukitsani ndi 1.609, akhala makilomita 470. Magaloni 19.6 kuchulukitsa ndi 3.785 ndi malita 74.2. Tsopano gawani malita ndi makilomita: 74.2 kugawa ndi 470 ndi 0.158. Ndiye kuti pa kilomita iliyonse vani imamwa malita 0.158. Mukatembenuza, ndi makilomita 6.3 pa lita imodzi. Kwa vani yaikulu yonyamula migolo m'misewu ya kuno, nambala imeneyi ndi yabwinobwino.

Pamene ndinagwera m'mbuna

Pa 9 Marichi mnyamata uja anali ndi $20 yokha m'thumba, ndiye anathira ya $20 n'kupitiriza ulendo. Ine powerengetsa ndinatenga mzere uliwonse paokha. Kuyambira pa 6 mpaka pa 9 vani inayenda mamailosi 198, omwe ndi makilomita 319, ndipo ndinagawa ndi malita 22.7 a magaloni sikisi aja. Zinatuluka makilomita 14 pa lita. Ndinasekerera, ndimvekere vani yanga yasanduka njinga yamoto. Kenako kuyambira pa 9 mpaka pa 11 inayenda mamailosi 115, makilomita 185, koma inalandira malita 58.3. Zinatuluka makilomita 3.2 pa lita. Apa m'pamene ndinati pali wakuba.

Manambala onse awiriwa ndi abodza. Pa 9 Marichi thanki sinabwerere pa mlingo wake, inatsala ndi ngongole. Ngongole imeneyo inalipidwa pa 11 Marichi, pamene tinadzaza. Choncho magaloni 15.4 aja sanali a makilomita 185 okha ayi, analinso kubweza mafuta a masiku am'mbuyo.

Njira yolondola ndi kuwerenga kuchokera pa thanki yodzaza kufika pa thanki yodzaza ina, n'kuphatikiza mafuta onse amene analowa pakatipo. Kuyambira pa 6 mpaka pa 11 Marichi ndi mamailosi 313, makilomita 504. Mafuta ndi magaloni 6.0 kuphatikiza 15.4, onse 21.4, omwe ndi malita 81. Kugawa 81 ndi 504 kukupereka 0.161. Mwaona? Gawo loyamba 0.158, lachiwiri 0.161. Vani imamwa chimodzimodzi masiku onsewo. Ndinapita kuchipinda kwa mnyamata uja ndi pepala m'manja kukapepesa. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine sindinadekhe.

Chizindikiro cha vuto limeneli n'chosavuta kuchidziwa. Mukaona nambala yokoma kwambiri yatsatana ndi nambala yoipa kwambiri, musathamangire kwa makaniko kapena kukalipira dalaivala. Yang'anani kaye ngati pakatipo wina sanathire theka, kapena ngati risiti ina sinasowe. Risiti ikasowa zimaoneka mwina: nambala yokoma imabwera yokha, popanda yoipa yoitsatira. Zikatero, ingodumphani gawo limenelo, muyambirenso pa thanki yodzaza yotsatira.

Mtengo wa mafuta pa kilomita

Tsopano tiphatikize masiku onse, kuyambira pa 3 mpaka pa 11 Marichi. Mtunda ndi mamailosi 605, omwe ndi makilomita 973. Mafuta ndi magaloni 41, malita 155. Ndalama ndi $62.52, $20.00 ndi $48.51, zonse pamodzi $131.03. Kumbukirani kuti $58.06 ya mzere woyamba sitikuiwerengera. Kugawa $131.03 ndi 973 kukupereka masenti 13.5 pa kilomita. Nambala imeneyi ndi imene ndimayenda nayo m'mutu. Ubwino wake ndi woti yaphatikiza kale mitengo yosiyanasiyana ya malo amene tinathirako, wotchipa ndi wodula womwe.

Amene mumakonda foni kuposa cholembera, ikani zimenezi mu Google Sheets kapena Excel. Tsiku likhale mu A, odomita mu B, magaloni mu C, ndalama mu D, mitu ikhale pa mzere woyamba, ndipo mizere inayi ija ikhale 2 mpaka 5. Fomula yoyamba ikupatsani malita pa kilomita, yachiwiri madola pa kilomita:

```
=SUM(C3:C5)*3.785/((B5-B2)*1.609)
=SUM(D3:D5)/((B5-B2)*1.609)
```

Taonani kuti odomita ikuyambira pa mzere 2 pamene mafuta ndi ndalama zikuyambira pa mzere 3. Si kulakwitsa ayi, ndi lamulo lija loti mafuta a tsiku loyamba salowa. Onetsetsaninso kuti mzere woyamba ndi womaliza onse ndi a thanki yodzaza.

Komabe kabuku ka pepala musakataye. Kanga kamakhala m'vani momwemo, komangiriridwa cholembera ndi chingwe. Risiti za pa pampu zimafufutika zikakhala padzuwa, ndiye timazijambula pa foni nthawi yomweyo, pamodzi ndi odomita.

Ulendo umayambira pakhomo, umathera pakhomo

Kabuku kali ndi mbali yachiwiri, ya maulendo. Pamenepo timalemba tsiku, kumene tikupita, za ndani, odomita potuluka pakhomo, odomita pobwerera pakhomo, ndi za matologeti. Simungadziwe mafuta a ulendo umodzi poyang'ana geji. Mumatenga makilomita a ulendowo n'kuchulukitsa ndi mtengo wa pa kilomita uja.

Nawu ulendo umene ndimayenda kawiri pa sabata. Ndimanyamuka ku Upper Marlboro vani ili yopanda kanthu, kudzera Route 4 kukalowa mu Beltway, mpaka ku Silver Spring kukatenga migolo. Pamenepo ndi makilomita 40. Kuchoka apo ndi katundu, kukwera I-95, kudutsa mu Fort McHenry Tunnel mpaka ku weyahausi mbali ya Dundalk, ndi makilomita 61. Kubwerera kunyumba, vani ilinso yopanda kanthu, ndi makilomita 68. Kale anthu ochokera mbali imeneyo ankatha kuwolokera pa Francis Scott Key Bridge, koma mlathowo unagwa pa 26 Marichi 2024 sitima itauwomba, ndiye pobwerera timaboolanso pansi pa madzi kenako n'kutsika ndi I-97 ndi Route 301.

Kasitomala akamakambirana nanu mtengo amaona makilomita 61 okha, pamene katundu wake ali m'galimoto. Inenso ndinkaganiza ngati kasitomala. Mafuta a makilomita 61 ndi $8 ndi masenti pang'ono. Koma ulendo wonse ndi makilomita 169, ndipo mafuta ake ndi $22.80. Makilomita 108 mwa amenewa vani imayenda itanyamula mpweya, koma ikumwa ndithu. Anzanga a ku Joni mukukumbukira kuti malole ankalimbirana katundu wobwerera nawo ngakhale pa mtengo wotsika. Chifukwa chake n'chomwechi.

Zimene kilomita imadya kupatula mafuta

Kabuku ka mafuta kakakupatsani makilomita enieni a pa mwezi, zina zonse zimawerengeka mosavuta. Vani yanga imayenda pafupifupi makilomita 3,200 pa mwezi.

Pali zinthu zimene zimatha chifukwa choyenda. Matayala anayi ndinagula $800 ndipo ndimayembekeza kuti andifikitse makilomita 64,000. Kusintha oilo ndi $90 pa makilomita 8,000 alionse. Mabuleki ndi zokonzetsa zina zinandidyera pafupifupi $1,900 chaka chathachi, pa makilomita 38,000. Chilichonse mukachigawa ndi makilomita ake n'kuphatikiza, zikukwana pafupifupi masenti 7.5 pa kilomita.

Palinso zimene ndimalipira ngakhale vani igone pakhomo mwezi wonse. Inshulansi ya bizinesi ndi $420 pa mwezi, ngongole ya vani ndi $380. Zonse $800, kugawa ndi makilomita 3,200, ndi masenti 25 pa kilomita. Apa m'pamene ndinadzidzimuka, chifukwa zimenezi zikuposa mafuta pafupifupi kawiri.

Tikaphatikiza 13.5, 7.5 ndi 25 tikupeza masenti 46 pa kilomita. Pofuna kudziwa ngati sindinasochere, ndinafananiza ndi mlingo umene bungwe la misonkho kuno, IRS, limalengeza chaka chilichonse wa galimoto yoyendera bizinesi. Mu 2025 unali masenti 70 pa mailosi, omwe ndi masenti 43.5 pa kilomita. Wanga wa 46 uli pafupi, ndipo n'zomveka kuti wapitirira pang'ono poti vani ndi yaikulu. Wanu ukatuluka masenti 20, dziwani kuti pali zina mwaiwala kulemba.

Tsopano ulendo wa ku Baltimore uja. Makilomita 169 kuchulukitsa ndi masenti 46 ndi $77.74. Tologeti inandidula $3 popita ndi $3 pobwerera pa E-ZPass yanga ya Maryland, ndiye $6. Dalaivala ndimamupatsa $70 pa ulendowu, chifukwa ndi kupakira ndi kutsitsa komwe umatenga pafupifupi maola asanu. Zonse pamodzi ndi $153.74. Ine ndinkatchaja $120. M'mutu mwanga ndinkati mafuta $20, mnyamata $70, yanga $30. Zoona zake ndinkataya pafupifupi $34 pa ulendo uliwonse, ndipo maulendo asanu ndi atatu pa mwezi ndi $270 yolowa m'madzi. Ndalama zimenezi sizimaoneka tsiku la ulendo. Zimadzaonekera tsiku limene inshulansi yadula ku banki kapena tayala laphulika, ine n'kumatapa m'ndalama zogulira katundu wa kontena.

Mukamayendetsa nokha, $70 ija musaichotse. Maola asanu amenewo mukanatha kugwira shifiti kwina n'kulandira ndalama.

Nditadziwa izi sindinangokweza mtengo basi, chifukwa anthu athu akanathawa. Wofuna ulendo wa yekha ndimamuuza $190. Koma ambiri ndimawaphatikiza: Lachiwiri ndi Lachisanu ndimatenga makasitomala atatu a mbali imodzi, aliyense $75. Kuzungulira m'makomo mwawo kumawonjezera makilomita pafupifupi 20, omwe ndi $9 ndi masenti pang'ono, komanso $10 yowonjezera ya dalaivala. Ulendo ukundidyera $173, ndikulandira $225. Kasitomala akulipira zochepa kuposa kale, ine ndikutsala ndi $52.

Nambala ikayamba kusuntha

Mukalemba kwa miyezi iwiri kapena itatu mudzadziwa nambala ya galimoto yanu. Yanga imasewera pakati pa 0.155 ndi 0.165. Thanki imodzi ikatuluka kunja kwa malire amenewa sindidandaula, chifukwa sabata ya migolo yolemera kapena ya kuima nthawi yaitali pa Beltway imakweza nambala yokha. Koma mathanki atatu otsatana akakwera, ndiye kuti pali chifukwa.

Nyengo yachisanu itafika, yanga inakwera kufika pa 0.18 n'kukhazikika pomwepo. Kusiyana kwa 0.02 kumaoneka ngati nthabwala, koma pa makilomita 3,200 ndi malita 64, pafupifupi magaloni 17, ndalama zopitirira $50 pa mwezi. Ulendo uno sindinafunse za kuba. Ndinayamba ndi matayala, ndipo ndinapeza mpweya watsika, monga umachitira kukazizira. Kenako ndinaona kuti tonse awiri tinkaliza injini mphindi makumi awiri m'mawa kuti m'kati mufunde, komanso tinkaisiya ikulira podikira kasitomala amalize kumanga mgolo. Injini ikamalira galimoto itaima, mafuta akupsa koma odomita siikusuntha, ndiye zonse zimagwera pa makilomita ochepa amene mwayenda. Titapopa matayala n'kuchepetsa kuliza kuja, nambala inatsika kufika cha pa 0.17. Yotsalayo ndi ya kuzizira kwenikweniko, imeneyo timangoilandira n'kuiika pa mtengo wa miyezi imeneyo. Zikanakhala kuti sinatsike, ndikanapita kwa makaniko kuti aone mabuleki ogwira, mapulagi ndi masensa.

Nambala imene galimoto imaonetsa yokha pa dashibodi musaiyike m'kabuku. Yanga nthawi zonse imaonetsa zokomera kuposa zimene pampu ndi odomita zikunena, ndipo ndalama zimachoka pa pampu.

Kabuku komweka kamagwiranso ntchito nthawi ya misonkho. IRS imafuna kuti amene akuchotsera za galimoto akhale ndi zolemba za tsiku, mtunda, kumene anapita ndi chifukwa cha ulendowo. Mbali ya maulendo ija ili nazo kale zonsezi, m'mamailosi monga mmene odomita inaonetsera. N'chifukwa chake ndinati manambala oyambirira musawasinthe. Maulendo a kutchalitchi ndi kokagula ndiwo muziwalembanso, koma muziika chizindikiro choti si a bizinesi, kuti odomita isakhale ndi mipata yosadziwika.

Mawa mukapita kukathira, dzazani mpaka pampu idule, lembani odomita, ndipo musawerengetse kalikonse. Masamu ayamba tsiku limene mudzadzazenso kachiwiri. Muphwa wanga uja ndi amene amasunga kabukuka masiku ano, ndipo ndikaiwala kujambula odomita amandiimbira foni ndisanafike n'komwe pakhomo: “Malume, mzere wa lero uli kuti?”